Makiyi Awiri Akafuna Chipinda Chimodzi: Unyolo Kapena Kusaka Malo?



Aliyense mwa inu amene analembapo `dict` mu Python kapena `HashMap` mu Java wagwiritsapo kale ntchito tebulo la hashi, kaya ankadziwa kaya ayi. Nzeru yake ndi yaifupi. Muli ndi zipinda zondondozana mu memole ya kompyuta, chilichonse ndi nambala yake kuyambira pa 0. Muli ndi kiyi, mwina dzina la munthu, mwina nambala ya wophunzira. M'malo moyenda chipinda ndi chipinda kufuna pamene munasunga zinthu za kiyi ameneyo, mumachita masamu pang'ono pa kiyiyo, ndipo masamuwo amakuuzani chipinda choti mupite. Masamu amenewo ndiwo hashi. Kiyi akakhala nambala, hashi yosavuta kuposa zonse ndi kugawa nambalayo ndi kuchuluka kwa zipinda, n'kutenga chotsala.

Vuto ndi loti makiyi amene angabwere ndi ochuluka kuposa zipinda, choncho tsiku lina makiyi awiri adzalozeredwa chipinda chimodzi. Kumeneko ndiko kugundana. Ambiri amaganiza kuti kugundana kumayamba tebulo likatsala pang'ono kudzaza, koma masamu amatsutsa. Tebulo la zipinda 365 mukaikamo makiyi 23 okha, omwazika mwachisawawa, mwayi woti awiri agundana wapitirira kale theka. Ndi masamu omwe aja a anthu 23 ndi masiku awo obadwa. Tebulo likadali gwaa, zipinda zoposa 340 zilibe kanthu, koma makiyi ayamba kale kukumana. Kugundana sikusonyeza kuti hashi yanu ndi yoipa. Ndi zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo tebulo lililonse liyenera kukhala ndi yankho lake.

Mayankho akuluakulu alipo awiri, ndipo onse anachokera kukampani ya IBM m'zaka zoyandikana. M'chaka cha 1953 Hans Peter Luhn analemba za njira yoti makiyi ogundana aziwalumikiza pamndandanda umodzi wopachikidwa pachipinda chawocho. M'mabuku imatchedwa tcheyining'i, ife tiziti njira ya unyolo. Chapanthawi yomweyo Gene Amdahl, Elaine McGraw ndi Arthur Samuel, polemba pulogalamu ya makina a IBM 701, anatsata nzeru ina: kiyi akapeza chipinda chake chili ndi mwini, apite pa chotsatira, mpaka apeze chopanda kanthu. Dzina lake la openi adiresing'i linafala ndi nkhani imene Wesley Peterson anasindikiza mu 1957. Ife tiziti njira yosaka malo.

Lero sindifuna kuti muloweze ndandanda ya ubwino ndi kuipa kwa njira ziwirizi. Ndikufuna mugwire funso limodzi: pofuna kiyi, kodi pulogalamu imadziwa bwanji kuti ileke kufuna? Mu njira ya unyolo imaleka unyolo ukatha. Mu njira yosaka malo imaleka ikapeza chipinda chopanda kanthu. Pafupifupi kusiyana konse kwa njira ziwirizi kumatuluka pamenepa.

Tiyeni tizione ndi manja. Tebulo lathu likhale la zipinda 11, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo hashi ikhale chotsala tikagawa ndi 11. Makiyi abwere motsatana chonchi: 47, 25, 92, 14, 60, 73, 31. Mukagawa mupeza kuti 47, 25 ndi 14 onse chotsala chawo ndi 3. Kiyi 92 kwawo ndi chipinda 4, 60 kwawo ndi 5, 73 kwawo ndi 7, ndipo 31 kwawo ndi 9. Ndizigwiritsa ntchito mawu oti "kwawo" kunena chipinda chimene hashi yapatsa kiyi.

Ndi unyolo zinthu zimakhala chonchi:

```
3: 47 -> 25 -> 14
4: 92
5: 60
7: 73
9: 31
```

Chipinda 3 chili ndi unyolo wa mphete zitatu, zipinda zinayi zili ndi mphete imodzi imodzi, ndipo zisanu ndi chimodzi zilibe kanthu. Onani kuti vuto la pa chipinda 3 latsala pa chipinda 3. Kiyi 92 sakudziwa n'komwe kuti kwa aneba kwadzaza anthu. Kupeza 47 n'kuyerekeza kamodzi, 25 kawiri, 14 katatu, ena anayiwo kamodzi kamodzi. Zonse pamodzi ndi 10 pa makiyi 7.

Tsopano makiyi omwewo, mwa kusaka malo. Kiyi 47 apeza chipinda 3 chilibe munthu, akhala. Kiyi 25 apeza pa 3 pali 47, asunthira pa 4. Apa ndiye pamene nkhani imayamba kukoma, chifukwa 92, amene sanagundane ndi aliyense pa hashi, afika kwawo pa 4 n'kupeza mlendo wakhalapo, ndiye nayenso asunthira pa 5. Kiyi 14 ayang'ana pa 3, pa 4, pa 5, ponse pali anthu, akakhala pa 6. Kiyi 60, mwini wake wa chipinda 5, apeza 92 pamenepo, pa 6 apeza 14, akakhala pa 7. Motero 73 akankhidwira pa 8. Ndi 31 yekha amene wapeza kwawo pa 9 kulibe munthu.

```
0    1    2    3    4    5    6    7    8    9    10
-    -    -    47   25   92   14   60   73   31   -
```

Kugundana kwenikweni kunali kwa makiyi atatu okha, koma makiyi asanu mwa asanu ndi awiri sali kwawo. Kupeza onse tsopano kumafuna kuyang'ana zipinda 15, pomwe unyolo unafuna 10. Kusiyana kumeneku si kwakukulu, ndipo mukangoyesa pa makiyi amene alimo mutebulo mudzaganiza kuti njira ziwirizi n'zofanana ndithu.

Funani kiyi amene mulibe, muone. Tengani 50, amene kwawo ndi chipinda 6. Mu tebulo la unyolo chipinda 6 chilibe kanthu, yankho labwera pompo: mulibe. Mu tebulo losaka malo, pa 6 pali 14. Kodi tinganene kuti 50 mulibe? Ayi, chifukwa mwina anafika n'kupeza 14 atakhala kale, n'kusunthira kutsogolo. Tiyenera kuona pa 7, pa 8, pa 9, mpaka pa 10 pamene palibe kanthu. Zipinda zisanu tayang'ana, ndipo mwa makiyi anayi amene tadutsa palibe ndi mmodzi yemwe amene kwawo ndi pa 6. Kiyi 36, wa kwawo pa 3, ayenda zipinda zisanu ndi zitatu asanamve kuti mulibe. Mukawerengera zipinda zonse 11 ngati poyambira, avereji yake ndi 39 kugawa ndi 11, pafupifupi zipinda 3.5 pa kufuna kulikonse kolephera. Unyolo pa makiyi omwewa umayerekeza 7 kugawa ndi 11, kosakwana n'kamodzi komwe.

Musaone ngati kufuna chinthu chimene mulibe n'kwa apo ndi apo. Kuika kiyi watsopano kulikonse kumayamba ndi kufuna kolephera, chifukwa muyenera kutsimikiza kaye kuti mulibe. Pulogalamu yoona ngati dzina latengedwa kale, kapena ngati uthenga uwu unafikapo kale, nthawi zambiri yankho lake ndi loti ayi.

Pali chinthu china pa chithunzi chathuchi chimene ndikufuna muchione bwinobwino. Zipinda zopanda kanthu zatsala zinayi: 10, 0, 1 ndi 2. Kodi kiyi wotsatira adzakhala pati? Mungaganize kuti zinayi zonsezi mwayi wake ndi wofanana. Koma chipinda 0 chimalandira kiyi yekhayo amene kwawo ndi 0, mwayi umodzi mwa 11. N'chimodzimodzi 1 ndi 2. Chipinda 10 chimalandira aliyense amene kwawo ndi 3, 4, 5, mpaka 10, mwayi 8 mwa 11. Mzere ukatalika umakoka makiyi ambiri, ndipo ukakoka makiyi ambiri umatalikirabe. Zili ngati mipando ya m'holo muno titalamula kuti wopeza mpando wake uli ndi munthu akhale pa wopanda munthu woyamba kudzanja lake lamanja: kumene kwadzaza kale ndiko kumapitiriza kudzaza, mipando ina ili yokhayokha kumbuyo uko. Choipa kwambiri n'choti mizere iwiri yoyandikana ikatsala ndi chipinda chimodzi pakati, kiyi mmodzi yekha amailumikiza n'kukhala mzere umodzi wautali. M'chitsanzo chathu 73 atakhala pa 8, kubwera kwa 31 pa 9 kunangowonjezera mzere womwewo.

Donald Knuth anawerengera zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo zotsatira zake n'zofunika kuzisunga pamtima. Tiyeni kudzaza kwa tebulo tikutche α, kutanthauza makiyi kugawa ndi zipinda. Pa tebulo lalikulu ndi hashi yomwaza bwino, zipinda zimene mumayang'ana ndi pafupifupi izi:

```
kiyi amene alimo:    (1 + 1/(1 - α)) / 2
kiyi amene mulibe:   (1 + 1/(1 - α)^2) / 2
```

Tebulo likadzaza theka, woti alimo mumupeza pa zipinda 1.5, woti mulibe pa 2.5. Likafika pa 0.75, ndi 2.5 ndi 8.5. Likafika pa 0.9, woti alimo ndi 5.5, koma woti mulibe ndi 50.5. Taonani kudumpha kumeneko. Mwangowonjezera makiyi 15 pa zipinda 100 zilizonse, ntchito yachuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Unyolo suchita zotere. Kufuna kolephera kumayerekeza makiyi pafupifupi α, kopambana pafupifupi 1 + α/2. Ngakhale makiyi achuluke kuwirikiza kawiri zipinda, α n'kufika pa 2, mumangoyerekeza kawiri. Unyolo umatopa pang'onopang'ono. Kusaka malo kumayenda bwino kwambiri kenako kumagwa mwadzidzidzi, ndipo α ikafika pa 1 palibenso poika kanthu.

N'chifukwa chake matebulo onse amene mumagwiritsa ntchito amadzikulitsa asanadzaze. `dict` ya Python, imene imasaka malo, imayamba ndi zipinda 8 ndipo silola kudzaza kupitirira magawo awiri mwa atatu, choncho zipinda 8 zimasunga makiyi 5 okha. `HashMap` ya Java, imene imagwiritsa ntchito unyolo, imayamba ndi zipinda 16 ndipo makiyi akapitirira 12 imawirikiza kufika 32. Kwa Java malire a 0.75 amenewa ndi nkhani ya liwiro chabe, mukhoza kuwakweza tebulo n'kumagwirabe ntchito. Kwa tebulo losaka malo malirewo ndi nkhani ya moyo, ndipo mizere yochepa iyi ikuonetsani chifukwa chake:

```python
def funa(tebulo, kiyi):
    m = len(tebulo)
    i = kiyi % m
    while tebulo[i] is not None:
        if tebulo[i] == kiyi:
            return i
        i = (i + 1) % m
    return None
```

Mukafuna kiyi amene mulibe mu tebulo lopanda `None` ngakhale mmodzi, `while` ameneyu sadzatha. Pulogalamu siidandaula, siitulutsa uthenga uliwonse, imangozungulira purosesa ili kalikiliki.

Tsopano tifike pa kuchotsa, pamene ndimaona kuti ophunzira ambiri amapunthwa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Mu unyolo kuchotsa n'kosavuta. Kuti muchotse 25 pa chipinda 3, mumangouza mphete ya 47 kuti iloze kwa 14, basi. Palibe kiyi wina amene wakhudzidwa.

Mu tebulo losaka malo, tiyeni tichotse 92 amene ali pa chipinda 5, ndipo tichite zimene aliyense angaganize poyamba, kuika `None` pamenepo. Kenako funani 14. Muyamba pa 3, pali 47. Pa 4 pali 25. Pa 5 palibe kanthu, ndipo lamulo lathu likuti tileke. Pulogalamu ikuyankhani kuti 14 mulibe, chikhalirecho ali phee pa chipinda 6. Funani 60: kwawo ndi pa 5, palibe kanthu, nayenso akuti mulibe, pomwe ali pa 7. Mwachotsa kiyi mmodzi, mwataya atatu. Koma 73 akupezekabe, 47, 25 ndi 31 akupezekabe, ndiye mukayesa pulogalamu yanu mwachangu mudzaona ngati zonse zili bwino.

Zimapitirira apo. Pulogalamu yauzidwa kuti 14 mulibe, ndiye imuikanso. Akhala pa 5, ndipo tsopano muli 14 awiri, watsopano pa 5 ndi wakale pa 6. Dzenje lija latsekeka, choncho 60 wayambanso kupezeka, ngati kuti sanasowepo. Tsiku lina mukachotsa 14 mudzachotsa wa pa 5, ndipo wa pa 6 adzatulukira pamene tebulo likukulitsidwa kapena pamene mukusindikiza zonse zimene zilimo, ali ndi zinthu zakale zimene munkaganiza kuti zinafufutidwa. Zizindikiro za cholakwika chimenechi n'zimenezo: makiyi amene amasowa n'kumapezekanso okha, kiyi mmodzi kuoneka kawiri, ndi chiwerengero cha makiyi chosagwirizana ndi zimene mukuona mukayenda tebulo lonse. Mukaona zotere mu tebulo limene munalemba nokha, yambani mwayang'ana pochotsa.

Mankhwala oyamba ndi chiliza. M'malo mwa `None`, pa chipinda 5 mumaika chizindikiro chonena kuti pano panali munthu. Wofuna kiyi akafika pa chiliza sayima, amapitirira. Woika kiyi watsopano akhoza kukhala pa chilizacho, koma pokhapokha atayenda kaye mpaka kumapeto kwa mzere n'kutsimikiza kuti kiyiyo kulibe kutsogolo, apo ayi tabwereranso ku makiyi awiri ofanana. Njirayi ndi yosavuta kulemba ndipo ndi imene Python imatsata.

Komatu ziliza zili ndi mtengo wake. Kwa wofuna kiyi, chiliza n'chimodzimodzi chipinda chodzaza, chifukwa sichimulola kuima. Ganizirani tebulo la zipinda 1,000 losunga anthu amene alowa pa makina pa nthawi imeneyo. Ena akulowa, ena akutuluka, ndipo pa nthawi imodzi sapitirira 100. Mukawerenga makiyi amoyo okha, α ndi 0.1, tebulo lili ngati lopanda kanthu. Koma aliyense wotuluka amasiya chiliza, ndipo olowa atsopano amagwera pa zipinda zinanso. Pakapita nthawi zipinda zopanda kanthu zenizeni zimatha pang'onopang'ono, ndipo α imene iyenera kulowa mu masamu a Knuth aja a kufuna kolephera ndi ya makiyi amoyo kuphatikiza ziliza. Pulogalamu yotere imathamanga bwino ikangoyatsidwa, imayamba kuchedwa pakapita maola kapena masiku, ndipo mukaizimitsa n'kuiyatsanso imachira. Anthu amathamangira kunena kuti memole yadzaza kapena netiweki yavuta, pomwe ndi ziliza. Lamulo lake ndi ili: poona ngati tebulo lafika pa malire, werengani ziliza pamodzi ndi makiyi amoyo, ndipo zikachuluka mangani tebulo mwatsopano, ngakhale la kukula komweko, kuti zilizazo zichoke.

Mankhwala achiwiri, amene ine ndimawakonda, ndi kukokera m'mbuyo. Mukachotsa kiyi, dzenje lotsalalo mumalitseka ndi makiyi a kutsogolo amene ali ndi ufulu wobwerera. Tichite pa tebulo lathu. Tachotsa 92, dzenje lili pa 5. Pa 6 pali 14, kwawo ndi pa 3, ndiye kuti pobwera anadutsa pa 5. Timubweza pa 5, dzenje lasamukira pa 6. Pa 7 pali 60, kwawo pa 5, anadutsa pa 6, timubweza pa 6. Pa 8 pali 73, kwawo pa 7, ndipo dzenje tsopano lili pa 7 pomwepo, wabwerera kwawo. Dzenje lafika pa 8. Pa 9 pali 31, koma kwawo ndi pa 9. Tikamukokera pa 8 tamuika kumbuyo kwa kwawo, kumene wofuna sadzayang'anako, ndiye timusiya. Pa 10 palibe kanthu, ntchito yatha.

```
0    1    2    3    4    5    6    7    8    9    10
-    -    -    47   25   14   60   73   -    31   -
```

Yesani kuika makiyi asanu ndi mmodziwa mu tebulo latsopano popanda 92, mupeza chithunzi chomwechi. Tebulo labwerera ngati kuti 92 sanalowemo. Chenjezo lili pa mzere umene wazungulira kuchoka pa chipinda chomaliza kubwerera pa 0. Pamenepo kungoyerekeza kuti nambala iyi ndi yaing'ono kuposa iyo kumanamiza, muyenera kuyeza mtunda mozungulira. Poyesa pulogalamu yanu, ikani dala makiyi atatu a kwawo pa chipinda chomaliza n'kuchotsa woyamba.

Mwina wina akufunsa kuti, ngati mizere italiitali ndiyo vuto, bwanji osadumpha zipinda m'malo moyenda chimodzichimodzi? Zimatheka, ndipo Python imachita zimenezo. Kuchoka pa chipinda `j` imapita pa `5*j + 1 + perturb`, n'kutenga chotsala, pomwe `perturb` imachokera ku hashi yonse ya kiyiyo ndipo imachepetsedwa pa sitepe iliyonse mpaka kufika pa 0. Makiyi awiri a kwawo kumodzi amapatukana msanga, aliyense njira yake. `perturb` ikatha, pa tebulo la zipinda 8 ulendo umayenda 0, 1, 6, 7, 4, 5, 2, 3, ndiye kuti chipinda chilichonse chidzafikidwa. Mizere yokokana ija imachepa. Koma mwagula ndi zinthu ziwiri. Kukokera m'mbuyo sikuthekanso, chifukwa makiyi amene anadutsa pa dzenje amwazikana tebulo lonse, ndiye mwatsala ndi ziliza. Chachiwiri ndi chimene ndikufuna kunena tsopano.

Mpaka pano manambala onse akomera unyolo. Nanga n'chifukwa chiyani matebulo ambiri atsopano amasaka malo? Rust inasamutsa `HashMap` yake mu 2019 kupita ku mtundu wa tebulo losaka malo umene unayambira ku Google, ndipo Go inachita chimodzimodzi ndi `map` yake mu 2025. Chifukwa chake n'choti takhala tikuwerenga masitepe ngati kuti onse ndi ofanana mtengo, pomwe si choncho. Purosesa siitenga bayiti imodzi imodzi ku memole yaikulu. Imatenga chigamba chonse, pa makina ambiri mabayiti 64, n'kuchisunga m'kamemole kake kofulumira kotchedwa kashi. Kuwerenga chimene chili kale mu kashi n'kwachangu kuwirikiza makumi angapo kuposa kukachitenga ku memole yaikulu. Ngati kiyi ndi mabayiti 8 ndipo chosungidwa chake ndi mabayiti 8, chigamba chimodzi chimanyamula zipinda zinayi. Zipinda zisanu zimene tinayenda pofuna 50 ndi maulendo awiri okha a ku memole, ndipo popeza n'zondondozana purosesa imatha kuyamba kutenga chigamba chachiwiri isanafunsidwe. Mphete za unyolo zimapangidwa nthawi zosiyanasiyana ndipo zimakhala paliponse pamene panapezeka malo. Kupeza 14 pa unyolo wathu uja kukhoza kukhala maulendo anayi: chipinda, mphete ya 47, ya 25, ya 14. Ndipo ulendo uliwonse uyenera kudikira unzake, chifukwa adiresi ya mphete yotsatira ili m'kati mwa mphete imene simunailandire. Pa tebulo laling'ono lokwana mu kashi simudzaona kusiyana. Pa makiyi mamiliyoni mudzakuona. Kudumphadumpha kuja nakonso kumataya phindu limeneli, n'chifukwa chake kuyenda chimodzichimodzi, kumene mabuku akale ankakukayikira, kunabwereranso m'fasho.

Matebulo a mtundu wa Google aja anawonjezera nzeru imodzi. Chipinda chilichonse chili ndi bayiti imodzi yosungidwa padera, yonena ngati chilibe kanthu, ngati pali chiliza, kapena, ngati muli kiyi, mabiti 7 a hashi yake. Purosesa imayerekeza gulu lonse la mabayiti amenewa nthawi imodzi, 16 pa makina ambiri, ndipo imakaona kiyi weniweni pokhapo pamene mabiti 7 aja agwirizana. Motero mzere wautali suwawanso kwambiri, ndipo tebulo limaloledwa kudzaza mpaka magawo 7 mwa 8.

Nkhani ya malo nayo imatembenuka malinga ndi kukula kwa zimene mukusunga. Pa makina a mabiti 64 cholozera ndi mabayiti 8. Chinthu cha mabayiti 16 mu unyolo chimadya 16, kuphatikiza 8 a cholozera cha mphete, kuphatikizanso 8 a chipinda ngati α ndi 1, zonse 32, osawerengera zimene wogawa memole amadyapo pa mphete iliyonse. Posaka malo pa α ya 0.75 chimadya pafupifupi 21. Koma chinthucho chikakhala cha mabayiti 200, unyolo udya 216 pomwe kusaka malo kudya pafupifupi 267, chifukwa chipinda chopanda kanthu n'chachikulu mofanana ndi chodzaza.

Palinso chimene unyolo umapereka chimene kusaka malo sikungapereke mosavuta: chinthu chikaikidwa sichisuntha. Tebulo likamakula, mphete zimangolumikizidwa mwatsopano, zili pa adiresi yomweyo. Malamulo a C++ amalonjeza kuti cholozera cha chinthu cha mu `std::unordered_map` chidzakhalabe chabwino tebulo likakula, ndipo lonjezo limeneli ndi limodzi mwa zifukwa zimene amene amalemba tebulo limeneli amatsatira unyolo. Amene amasamutsa pulogalamu kuchoka pamenepo kupita ku tebulo losaka malo pofuna liwiro ayenera kufufuza paliponse pamene anasunga cholozera chotere. Pulogalamu idzayenda bwino mpaka pa kiyi amene achititse tebulo kukula, kenako cholozeracho chidzaloza memole imene inabwezedwa kale.

Zonsezi zadalira hashi yomwaza bwino. Mukasunga mitengo ya katundu m'makwacha, yambiri yothera pa 00, mu tebulo la zipinda 100, yambiri igwera pa chipinda 0. Maadiresi a memole, amene kawirikawiri amagawika ndi 8 kapena 16, amaunjikana pa zipinda zochepa chabe pa tebulo la zipinda 16 kapena 32. Apa unyolo umapirirako, chifukwa umavulaza makiyi a chipinda chomwecho okha, pomwe posaka malo mzerewo umameza ndi aneba omwe. Koma wina akachita dala, njira zonse ziwiri zimagwa. Scott Crosby ndi Dan Wallach anaonetsa mu 2003 kuti munthu wodziwa hashi yanu akhoza kukutumizirani makiyi ogundana okhaokha, ndipo kumapeto kwa 2011 zinaonetsedwanso pa zilankhulo zambiri zolembera mapulogalamu a pa intaneti. Makiyi 100,000 a chipinda chimodzi amafuna kuyerekeza pafupifupi 5 biliyoni kuti alowe onse. Python inayankha posakaniza nambala yachinsinsi mu hashi ya mawu, yosintha nthawi iliyonse pulogalamu ikayatsidwa. Java 8, ya mu 2014, inayankha kumbali ya unyolo: unyolo ukapitirira mphete 8 pa tebulo la zipinda zosachepera 64, umasandutsidwa mtengo wosanjidwa bwino, kuti kufuna kusakhalenso koyenda mphete imodzi imodzi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena m'chipinda chino akhoza kutsutsa. Ngati makiyi ndi aang'ono, hashi mukuikhulupirira, ndipo tebulo ndi lalikulu, sakani malo moyenda chimodzichimodzi, musapitirire 0.7, ndipo pochotsa kokerani m'mbuyo. Ngati zinthu ndi zazikulu, kapena mbali zina za pulogalamu zikusunga maadiresi ake, kapena simungathe kuima n'kumanganso tebulo pa nthawi yosayembekezeka, tengani unyolo.

Ntchito yoti mukachite ku labu ndi iyi. Lembani matebulo onse awiri ndi zipinda 100,003, ndipo muikemo chowerengera zipinda kapena mphete zimene kufuna kulikonse kwayang'ana. Dzazani ndi manambala achisawawa mpaka α ifike 0.5, kenako 0.75, kenako 0.9, ndipo pa malo alionse funani makiyi 10,000 amene mulibe. Losaka malo liyenera kukupatsani manambala oyandikira 2.5, 8.5 ndi 50, ngakhale lomalizalo lidzasinthasintha ndithu mukabwereza. Mukapeza ochuluka kwambiri kuposa amenewa pa 0.5, kaonenso hashi yanu. Mukatero bwezani α pa 0.5, gwiritsani ntchito ziliza, ndipo muchotse kiyi mmodzi n'kuika wina watsopano maulendo 1 miliyoni osamanganso tebulo, mukusindikiza avereji ya kufuna kolephera pa maulendo 50,000 alionse. Musaiwale kuika malire pa `while` uja musanayambe.